Tsiku Limene aHedi Anatuluka m'Siwa

Kwathu kuno, kumunsi kwa esiteti ya tiyi, mukafunsa za Mayi Magdalena Muhiwa anthu amayamba ayang'anana. Koma mukangoti "aHedi", ngakhale wa kabaza akulozerani nyumba ya malata ofiira imene ili pakati pa mitengo ya mapeyala. Anapuma ntchito kale, pasukulu pali hedi wina, koma dzinalo linawakanirira.

Ine ndine Vailet. Ndimagulitsa tomato, kabichi ndi mapeyala pamsewu pa Bvumbwe, ndipo zikandiyendera chaka chamawa ndikhala ndi benchi yangayanga ku Limbe. Nyumba yathu inayandikana ndi ya aHedi. Mapeyala awo ndimawoda ndine, ndiye khonde lawo ndinalizolowera ngati lathu.

AHedi anabadwira m'malayini a esiteti. Agogo awo anachokera ku Mozambique wapansi kudzafuna ntchito, ndipo banja lonse linakulira m'tiyi. Ali mtsikana, tchuthi chilichonse ankapita kukathyola tiyi, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno poteteza mame. Mzere woyandikana nawo ankathyola mnzawo wa pamtima, Fainess. Awiriwa ankapita limodzi kusikelo, kapitawo akamakalipa ankamunena m'Chilomwe iye ali pompo. Kenako njira zinasiyana. Magdalena anakhoza mayeso, anapita kukoleji ya aphunzitsi, nabwerera kudzaphunzitsa pasukulu yomweyo ya pa esiteti mpaka anakhala hedi. Fainess anatsala m'tiyi mpaka msana unapindika.

AHedi anakwatiwapo, koma bambowo anamwalira msanga, ndipo ana sanaberekepo. Mwana wa Fainess, Teleza, ndi amene ankadya pakhomo pawo. Anamuphunzitsa kuyambira Sitandade 1, anamulembera kalata yopempha malo kukoleji, ndipo atamaliza anayenda ku Boma mpaka anamutumiza pasukulu pawo. Anthu ankati Teleza ali ndi amayi awiri, wina wa dengu, wina wa choko.

Madamu Teleza anandiphunzitsa ine Sitandade 8. Masamu amene ndikudyera lero ndi awo. Ankabwera ndi tomato m'kalasi, n'kutiuza kuti tipeze phindu atatu akavunda. Koma temu yachiwiri isanathe, mayeso aboma ali pafupi, Lolemba lina sanabwere. Tinangomva kuti apeza ntchito ku Botswana, ndipo anyamuka Loweruka. Kalata yosiya ntchito anaisiya kwa wachiwiri kwa hedi. Kwa aHedi sanakatsanzike. AHedi anatenga choko, analowa m'kalasi mwathu, anatiphunzitsa okha mpaka mayeso. Dzina la Teleza sanalitchulenso, ndipo ngakhale ankakumana ndi a Fainess kutchalitchi ndi ku Mvano, macheza awo anangotsala a moni.

Uthenga wa Madamu unabwera pa foni yanga mwezi wa Juni chaka chatha, ndili pamsewu ndikuthamangira minibasi ndi beseni la mapeyala. Madamu Teleza anapeza nambala yanga kwa atsibweni awo. Unali uthenga wa mawu pa WhatsApp, ndipo anandipempha kuti ndikawamvetsere aHedi, chifukwa kafoni ka aHedi n'kamabatani.

Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba.

"AHedi, ndabwera ndi mlendo m'thumbamu."

"Ngati ndi aja onena kuti ndawina galimoto, auze kuti ndilibe poisunga."

Ndinatsegula. Mawu a Madamu anali omwe aja, koma ofooka. Anati sukulu imene akuphunzitsa ku Francistown ikutsekedwa, ndipo chiphaso chawo chogwirira ntchito m'dzikomo chimayendera dzina la sukuluyo. Sukulu ina ya ku Gaborone yawalonjeza malo, koma ikufuna mboni ziwiri za ntchito yawo: mkulu wa sukulu imene alipo, ndi hedi wa sukulu imene anachokera. Hedi watsopano wa kuno sakuwadziwa n'komwe. Umboniwo ukapanda kufika, malowo apatsa wina, ndipo iwo abwerera kumudzi chimanjamanja. Anamaliza ndi mawu akuti, "Ndikudziwa kuti sindinachoke bwino. Mukalola, ndiwapatse dzina lanu, akulemberani okha."

AHedi anapitiriza kusankha nyemba.

"Ndiwayankhe chiyani?"

"Munthu anatuluka pawindo, lero akufuna kulowera pafoni. Tawona, nyembazi zafumbwa."

Ine ndinali nditawerengera kale masiku otsala chiphaso cha Madamu chisanathe, ndipo sanali ambiri. Ndinawauza Madamu zoona zake, kuti aHedi sanakane koma sanalole. Ndinawauzanso zimene aliyense wa kuno akudziwa, kuti nkhani yotere siipita kwa munthu wamkulu pa lamya. Pamafunika munthu wa miyendo, akhale pamkeka.

Amene anabwera ndi a Fainess. Anali akudwala chifuwa kuyambira nthawi ya mvula, ndipo kachitunda kochokera kwawo anakakwera mopumira. Anafika atanyamula nkhuku yomanga miyendo. Anakana mpando, anakhala pansi.

"Nkhukuyo ndi ya chiyani?" anafunsa aHedi. "Mwayamba ziphuphu muukalamba?"

"Ndi yoonda ngati mwini wake, siingagule munthu. Ndabwera kudzatsanzika, achemwali."

"Mukupita kuti?"

"Si ine. Ndikutsanzikira mwana uja. Ndachedwa nazo zaka, koma ndafika."

Kenako a Fainess anayamba kuyankhula Chilomwe, chimene ine ndimangomva pang'ono. Ndinamva zoti anamuletsa okha Teleza kukatsanzika. Ankadziwa kuti aHedi akanena kuti adikire mayeso, mwanayo sakanatha kukana, ndipo ntchito ija sikanadikira. Anatambasula manja awo, zala zokhota, zikhadabo zakuda ndi utomoni wa tiyi umene sunachokenso.

"Ndinkafuna mmodzi yekha wa ine asanyowe ndi mame," anatero m'Chichewa. "Munamutulutsa m'tiyi ndinu. Musamubweze."

AHedi anayang'ana manjawo nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe Vailet, uli m'kalasi lija unalira masiku angati?"

"Sindinalire, aHedi."

"Wabodza, unanyowetsa kope lonse. Muuze apereke dzina langa. Koma umuuzenso kuti ndikanena zimene ndinaona, osati zimene akufuna."

AHedi ankaganiza kuti alemba kalata pamanja monga kale, apite nayo kusukulu akaidinde, kenako aitumize kwa Teleza. Anali atatulutsa kale cholembera chawo cha inki. Koma masiku ano sizitero. Ndinawatsegulira imelo pa foni yanga, ndipo sukulu ya ku Gaborone inatumiza mafunso ake mwachindunji, ndi chenjezo lakuti mayankho asadutse m'manja mwa wopempha ntchitoyo. Ndinkawerenga, iwo n'kumayankha m'Chingelezi chawo chosalala chija, ine n'kumalemba. Anagwira ntchito kuyambira liti mpaka liti. Ankaphunzitsa makalasi ati. Kodi panamvekapo dandaulo lililonse lokhudza chitetezo cha ana? Ayi, ngakhale limodzi. Kodi analangidwapo? Ayi.

Kenako linabwera funso la mmene anachokera.

"Lemba kuti anachoka pakati pa chaka, kalasi la mayeso lili m'manja mwake, popanda kupereka nthawi yokwanira."

"AHedi, zimenezo zimuphera ntchito! Tingoti anapeza mwayi wina. Si bodzatu."

"Ukamagulitsa tomato, wovunda umamuika pansi pa mulu?"

"Ayi... nthawi zina m'mbali."

"Lemba zimene ndanena."

Ndinalemba. Funso lomaliza linali lakuti kodi angamulembenso ntchito atapatsidwa mwayi. Sanaganizire n'komwe.

"Mawa lomwe. Lemba choncho."

Yankho linabwera sabata yomweyo. Mkulu wa sukuluyo, yemwe anali mayi, anathokoza, koma anati poti imeloyo si ya sukulu ndipo aHedi anapuma ntchito, ayenera kuyankhula nawo pakamwa kuti atsimikize kuti ndi iwodi. Anafunanso kumva bwino za kachokedwe kaja. Anaika Lachisanu chakum'mawa, chifukwa masana a tsikulo mapepala opempha chiphaso chatsopano ankayenera kupita ku ofesi ya boma la kumeneko, chakale chisanathe. Foni aimba pa nambala yanga. Vuto n'lakuti m'mudzi mwathu netiweki imagwira mwamwayi. Malo odalirika ndi pamtunda, pamene msewu wa mathirakitala umadutsa pakati pa tiyi. Tinapangana kuti tikwera msanga, ndidzawanyamulira kampando.

Lachinayi m'mawa ndikutuluka ndi beseni, ndinaona masamba atayalidwa pamsewu wopita kwa a Fainess.

Atsibweni a Madamu, a Benard, anawaimbira monga timachitira ndi munthu amene ali kutali. Anangoti matenda akula, ngati n'kotheka bwerani. Sipanapite nthawi, foni yanga inalira ndili kuseri kwa nyumba ya maliro.

"Vailet, usandinamize. Ndikumva nyimbo kumbuyo kwakoko."

Ndinalephera kuyankha, ndipo kulephera kwangako kunawauza zonse. Analira mpaka foni inaduka. Ataimbanso anati akukwera basi tsiku lomwelo, za ntchito zisiyeni. Ndinalowa m'siwa chokwawa pakati pa azimayi, ndinawanong'oneza aHedi. Nthawi imeneyo thupi linali lisanabwere kuchokera kuchipatala, ndiye anatuluka nane.

"Teleza," anatero. Kanali koyamba kuti ndimve dzinalo pakamwa pawo chichokere Madamu. "Basi imeneyo idutsa Zimbabwe, idutsa Tete. Ukamafika kuno tidzakhala titasesa kale. Amako anakwera chitunda ndi chifuwa chija kudzandipempha chinthu chimodzi. Khala pomwe ulipo. Kumutu kwa amako ndikhala ine."

Kwathu kuno, bokosi likalowa m'nyumba, mwana wamkazi wa malemu kapena mbale wapafupi amakhala kumutu kwake, ndipo sadzuka mpaka thupi litatuluka. Kudzuka n'kusiya malemu okha pakati pa alendo. A Fainess analibe mwana wina wamkazi. A Benard anavomera kuti aHedi akhale pamalopo, ndipo anthu anayamikira, poti analinso mkhalapampando wa amayi a Mvano pampingo pathu, amene amayambitsa nyimbo yotulutsira thupi.

Ine ndinayesa kusuntha nthawi ya foni ija. Ndinafuna kulemba kuti kuno kwagwa maliro, koma aHedi anakana. Anati za imfa ya mayi ake anene yekha Teleza, pa nthawi yake. Anthu amene akukayikira kale za munthu wochoka pakati pa temu asayambe kuwerengera masiku amene adzapemphe asanayambe n'komwe ntchito. Ndinangopempha kuti aimbe madzulo kapena Lolemba. A sukuluyo anayankha mwaulemu kuti sizitheka, akapanda kuwapeza Lachisanu m'mawa adzakakamizika kutenga munthu wachiwiri pa amene anawayesa.

Ndinawerengera kuti mwina zitheka. Thupi likatuluka msanga, aHedi adzakhala omasuka foni isanalire. Koma maliro sayendera wotchi. Adzukulu anakumana ndi mwala kumanda, ndipo abale a ku Thekerani anachedwa panjira. Dzuwa linakwera, bokosi likadali m'nyumba.

Ndinaima pakhomo la siwa, foni ili m'chitenje. AHedi anali kumutu kwa bokosi, atavala zoyera za Mvano, dzanja lili pa chivundikiro. Anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuti nthawi yakwana. Panja a Benard anali atayamba kuitana amuna onyamula.

Sindinawaitane. AHedi anawerama, ananong'oneza kanthu pa bokosi, kenako anagwira khoma n'kudzuka.

Nyimbo inazima pakati. Mayi Esnat, wachiwiri wawo ku Mvano, anawagwira chitenje.

"Amayi, mukupita kuti? Thupi likutuluka."

"Yambitsani nyimbo inu."

"Pamutu pakhala ndani?"

AHedi anadutsa pakati pa miyendo ya azimayi, anatuluka pakhomo, anadutsa amuna onse amene anakhala pansi pa mtengo. Ndinamva mayi wina kumbuyo akuti, "Ophunzira awa. Foni yaposa maliro." Wina anati, "Chidani chija sichinathe, taonani."

Mtunda uja ine ndimaukwera mothamanga. Tsikulo unatalika. AHedi mawondo anawavuta kalekale, ndipo chidzulo chake anali asanatambasule miyendo. Anatsamira paphewa langa. Kampando ndinaiwala. Tili pakati foni inalira, ndinayankha, mawu anaduka. Ndinawakoka dzanja ngati mwana. Titafika pa msewu wa mathirakitala, inaliranso.

AHedi anapukuta nkhope ndi nsonga ya duku, anawongola msana, anaima monga ankaimira pa asembule. Anayankhula Chingelezi, mawu osanjenjemera. Anatchula dzina lawo, sukulu, ndi zaka zimene anakhala hedi. Mayi wa ku Gaborone uja anafunsa za kachokedwe ka Teleza.

"Zimene ndinalemba n'zoona," anatero aHedi. "Anachoka molakwika, ndipo ndinakwiya zaka zambiri. Anali wamng'ono, ndipo analangizidwa ndi munthu amene ankamukonda. Koma kalasi limene anasiya ndinalitenga ine, ndiye ndikudziwa zimene ndinapezamo. Ana a anthu othyola tiyi, ena obwera opanda kanthu m'mimba, ankadziwa masamu kuposa buku. Mmodzi wa iwo ndi amene wandigwirira foniyi."

Kumunsi nyimbo inayamba. Anaiyambitsa Mayi Esnat, mokweza kwambiri monga amachitira. Kuchokera pamene tinaima zonse zinkaoneka: bokosi likutuluka pakhomo, mzere woyera wa amayi a Mvano, nkhata za maluwa patsogolo. Panalinso azimayi ena m'munda wapafupi amene sanapatsidwe tchuthi. Anasiya kuthyola, anaima ndi madengu kumsana mpaka mzerewo unadutsa.

Mayi uja ayenera kuti anamva, chifukwa anafunsa ngati waimba pa nthawi yolakwika.

"Ayi," anatero aHedi, maso ali pa bokosi. "Mwaimba pa nthawi yake. Pitirizani."

Anafunsanso za chitetezo cha ana, anafunsa ngati pali china chimene sukulu iyenera kudziwa. AHedi anati palibe, koma amusunge bwino, chifukwa kumene anachokera n'kutali. Foni itatha anandibwezera. Anakhala pansi m'mphepete mwa tiyi, zoyera zawo zili m'dothi lofiira, nalira mmene sindinaonepo munthu wamkulu akulira. Ankangoitana "Fainess, Fainess," ndi mawu ena a Chilomwe.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera. Mwambo wa pabwalo anaufupikitsa chifukwa cha kuchedwa kuja, ndipo ife timafika kumanda adzukulu akukwirira. Nkhope ya mnzawo sanaionenso. Nkhata imene anayenera kuika m'malo mwa Teleza inali itaikidwa kale ndi munthu wina. Anthu anawapatukira njira, koma palibe anawapatsa moni.

Ine ndinkafuna kuima pakati pa anthu n'kufotokoza zonse. Anandiletsa. Anati nkhani ya ntchito ya munthu siyolengeza pamaliro. A Benard anawauza okha tsiku losesa, ndipo bamboyo anangogwira mutu. Pang'onopang'ono mudzi unamva. Ena anamvetsa. Ena mpaka lero amati chifukwa chingakhale chotani, pamutu sipasiyidwa. AHedi sawatsutsa. Anandiuza kuti anthuwo akunena zoona, analonjeza kukhala ndipo sanakhale. Pa msonkhano wotsatira wa Mvano anatula pansi udindo wawo, ndipo palibe anawakakamiza kuti apitirize.

Uthenga wa Madamu unabwera sabata yotsatira. Ntchito anawapatsa. Anayamba ndi kuthokoza, koma sanathe kumaliza, mawu anasanduka kulira. Anati sangatuluke m'dzikomo mpaka chiphaso chituluke, ndipo akangoyamba ntchito tchuthi choyamba ndi cha Disembala.

AHedi anamvetsera kawiri. Pabwalo nkhuku ija ya a Fainess inali ikupalasa. Sanaiphe, ndipo inali itayamba kunenepa.

"Muuze kuti ndamva," anatero. "Umuuzenso kuti ulendo uno amalize chaka."

Ndinalemba. Kenako anandifunsa ngati mawa ndikupita ku Bvumbwe, ndinati eya.

"Ukandigulire mbewu ya maluwa, aja osafuna madzi ambiri. Pamanda paja m'poyera kwambiri, ndipo Disembala ndi kutali."